Paipi ya mkodzo ikamatsekeka pafupipafupi: zochita pakhomo ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Pepala ili ndi la inu bambo kapena mayi amene mwatuluka m'chipatala muli ndi paipi ya mkodzo, imene anamwino amaitcha katheta, ndipo mwauzidwa kuti mukhala nayo miyezi kapena zaka. Ndi lanunso amene mukusamalira wodwalayo, kaya ndinu mkazi wake, mwana wake kapena mdzukulu. Vuto limene limabweza anthu ambiri kuchipatala usiku ndi limodzi: mkodzo wasiya kutsikira m'thumba, pachinena patupa, ndipo patapita tsiku thupi latentha. Kutsekeka kwa paipi ndi matenda a m'chikhodzodzo zimayenda limodzi ngati mbuzi ndi chingwe chake, choncho tizikambira pamodzi.

Zimene zili m'thupi mwanu

Paipiyi imalowa m'njira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo. Kunsonga kwake, m'katimo, kuli timaboo tiwiri tolowera mkodzo ndi kabaluni kamene anamwino anakafufumitsa ndi madzi oyera, kawirikawiri mamililita 10. Kabaluniko ndi kamene kamagwira paipi kuti isatuluke. Kunja kuno paipiyo ili ndi mphanda. Nthambi yaikulu ndi yolumikiza ku thumba. Nthambi yaing'ono, yokhala ndi kamkombero ka mtundu, ndi ya kabaluni, ndipo imeneyo si yanu, musaigwiregwire. Mtundu wa kamkomberoko umanena kukula kwa paipi: kobiriwira ndi saizi 14, kofiirira ngati lalanje lakupsa ndi 16, kofiira ndi 18. Dziwani saizi yanu ndipo ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Mkodzo sukankhidwa ndi chilichonse. Umangotsetsereka ngati madzi a m'ngalande, kuchoka pamwamba kupita pansi. Mfundo imeneyi ikakhazikika m'mutu, theka la mavuto a paipi mudzawathetsa nokha.

Mkodzo ukasiya kutsika

Munthu amene akumwa bwino amatulutsa mkodzo woposa lita imodzi pa tsiku, ndipo m'paipi mumaoneka timadontho tikuyenda nthawi zonse. Mukaona kuti ola lathunthu latha thumba lili momwe linalili, musayambe ndi mantha. Yambani ndi maso.

Tsatirani paipi ndi chala kuchokera pathupi mpaka ku thumba. Nthawi zambiri mupeza yapindika pansi pa ntchafu, yapanidwa ndi lamba wa buluku kapena mfundo ya chitenje, kapena mwaikhalira. Iwongoleni. Kenako onani pamene pali thumba. Liyenera kukhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, kaya mwaima, mwakhala kapena mwagona. Onaninso ngati paipi yaitali ya thumba yalendewera mpaka kupanga chigoba chotsika kuposa thumbalo, chifukwa mkodzo umaunjikana m'chigobamo n'kulephera kukwera. Ngati thumba ladzaza thothotho, likhuthuleni.

Zonsezi zikakhala bwino, sinthani kakhalidwe. Amene mumatha kuyenda imirirani muyendeyende pabwalo. Amene ali chigonere atembenuzidwe kumbali ina. Nthawi zina timaboo ta kunsonga timangokhala tatsamira khoma la chikhodzodzo, ndipo thupi likasuntha timatseguka.

Tsopano gwirani pachinena, m'munsi mwa mchombo. Apa ndi pamene pamasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Ngati pali pofewa, sipakupweteka, ndipo mkodzo wochepa umene uli m'thumba ndi wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, vuto si paipi ayi, thupi lauma. Imwani makapu awiri a madzi mudikire theka la ola kapena ola limodzi. Koma ngati patupa, palimba ngati mpira, mukumva mkodzo kwambiri kapena ululu, ndiye kuti impso zikugwira ntchito koma njira yatsekeka. Pamenepo musawonjezere madzi. Nyamukani, masana kapena usiku. Ngakhale pasapweteke, maola atatu akatha popanda dontho mutayesa zonse zija, pitani kuchipatala chimene chili pafupi. Munthu wopanda mphamvu kumiyendo chifukwa chovulala msana sangamve ululu umenewu, choncho womusamalira ndiye aziyang'ana thumba ndi kugwira pachinena. Kwa amene anavulala msana cha kumtunda, chikhodzodzo chikadzaza pamatha kubwera mutu waukulu mwadzidzidzi, thukuta ndi kufiira kumaso. Kumeneko ndi kuthamanga kwa magazi kumene kwakwera moopsa. Mukhazikeni tsonga, masulani zovala zothina, wongolani paipi, ndipo zikapanda kuleka pa mphindi zochepa thamangirani naye kuchipatala.

Pali zinthu zimene anthu amachita pofuna kuthandiza koma zimavulaza, ndipo tikuchondererani kuti muzipewe. Musapemerere m'paipi ndi pakamwa. Musalowetsemo waya, udzu kapena kamtengo. Musathiremo madzi ndi jakisoni wogula pokhapokha ngati anamwino anakuphunzitsani n'kukupatsani madzi ake oyenera. Musadule paipi ndi lezala. Ndipo koposa zonse musaikoke kuti ituluke, chifukwa kabaluni kofufuma kaja kamang'amba njira ya mkodzo, magazi amatuluka ambiri, ndipo chilondacho chikapola chimatha kusiya njira yopanikizika.

Za kugona pamphasa

Nkhani iyi tiikhalire pansi, chifukwa malangizo ambiri amalembedwa ngati aliyense ali ndi bedi. M'makomo ambiri kuno timagona pamphasa kapena pamkeka. Munthu akagona pansi, thumba nalo lili pansi pambali pake, chikhodzodzo ndi thumba zimakhala pa msinkhu umodzi. Mkodzo suyenda bwino, umagona m'chikhodzodzo usiku wonse, ndipo ena poopa kulipsinja amalikoloweka pa msomali wa pakhoma kapena pa chingwe cha neti, pamwamba pa thupi. Apo ndiye mkodzo wa m'paipi umabwerera m'kati pamodzi ndi tizilombo take.

Wodwala wa paipi ayenera kugona pamalo okwera. Sikuti mpaka mugule bedi la kusitolo. Matabwa kapena chitseko chakale choikidwa pa njerwa zosanjikiza zitatu kapena zinayi chimakwana, ndipo bedi la mitengo ndi nsungwi limene mmisiri wa m'mudzi angakhome nalonso ndi labwino. Thumba likolowekedwe m'mbali mwa bedilo, kapena liikidwe m'ndowa yoyera imene ntchito yake ndi yokhayo, kuti kampopi kake kokhuthulira mkodzo kasakhudze dothi. Pamene zonsezi sizinatheke ndipo pansi pa nyumba ndi pa dothi, kumbani kadzenje pambali pa mphasa, muikemo beseni loyera, thumba lizigona m'besenimo. Potsendera neti pansi pa mphasa kapena matiresi, siyani mpata woti paipi idutse osapindika.

Chimodzimodzi pa ulendo. Pa kabaza, pa njinga yamoto, mu minibasi kapena m'boti, anthu amakonda kufukata thumba pamiyendo kapena kuliika m'thumba la jekete pofuna kulibisa. Manyazi ake tikuwamvetsa. Koma khuthulani thumba musananyamuke, muliike m'kachikwama ka nsalu, mukamangirire pa mwendo m'munsi mwa bondo, mkati mwa buluku lotakasuka, mkanjo kapena chitenje. Msewu wochokera ku Makanjira kapena kutsika mapiri a ku Namwera si waufupi, ndipo thumba likakhala pamwamba ulendo wonsewo mufika chikhodzodzo chitadzaza.

Chifukwa chake imatsekeka mobwerezabwereza

Tiyerekeze bambo wazaka 68 wa kudera la Malindi, amene anaikidwa paipi chifukwa pulositeti, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo m'munsi mwa chikhodzodzo, yakula ndipo akudikira opaleshoni. Anauzidwa kuti azibwera kudzasinthitsa pakatha milungu inayi. Miyezi yozizira zinkayenda bwino. Kutangoyamba kutentha, paipi imene anaikidwa pa 2 Okutobala inatsekeka pa 21. Yatsopano inatsekeka pa 7 Novembala, inayo pa 27 Novembala. Ulendo uliwonse unali wa usiku, wa galimoto yahayala, ndipo ulendo wachiwiri anafika thupi likutentha, akunjenjemera. Apabanja anayamba kunena kuti mapaipi a masiku ano ndi achabechabe.

Vuto silinali mapaipi. Paipi ikakhala m'thupi, tizilombo timamera pa khoma lake ngati ndere pa mwala wa m'nyanja, ndipo pakatha mwezi pafupifupi munthu aliyense wa paipi amakhala nato, ngakhale waukhondo chotani. Mitundu ina ya tizilomboti, makamaka kotchedwa pulotiyasi, imaphwanya mchere wa mu mkodzo n'kutulutsa amoniya. Ndiye fungo loboola mphuno lija. Mkodzo ukasintha chonchi, mchere umene unali wosungunuka umayamba kuuma n'kukhala timchenga toyera timene timamatirira pa timaboo ndi m'kati mwa paipi. Amene anaphikirapo tiyi ndi madzi a pa mjigo wamchere akudziwa zoyera zimene zimakakamira m'ketulo. N'chimodzimodzi. Pafupifupi theka la anthu okhala ndi paipi nthawi yaitali amakumana ndi zimenezi, ndipo mkodzo ukakhala wochepa ndi wokhathamira, monga zimakhalira m'chilimwe cha kuno ku Mangochi, timchengato timaunjikana msanga.

Mungadziwe bwanji kuti inu muli m'gulu limeneli? Pekesani pang'onopang'ono mbali ya paipi imene ili kunja pakati pa zala ziwiri. Mukamva kulirima ngati muli mchenga, ndi timeneto. M'paipi ya thumba mumaonekanso zoyera zomatirira. Posinthitsa, pemphani anamwino kuti akuonetseni nsonga ya paipi yakale, mwinanso aidule pakati muone m'kati.

Tsopano werengani masiku a bambo aja. Paipi yoyamba inakhala masiku 19, yachiwiri 17, yachitatu 20. Thupi lawo lili ndi kalendala yakeyake, ndipo tsiku la milungu inayi salifikako. Mankhwala ake apa ndi kusintha tsiku: asinthitse pakatha masiku 14, paipi isanatsekeke, masana, pa ulendo wokonzekera. Izi sangazidziwe adokotala popanda inu kuwabweretsera masikuwo. Choncho kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala muzilemba tsiku loika paipi, tsiku limene yavuta, ndi zimene zinapezeka. Zikachitika katatu, kalendala yanu imaonekera yokha. Nthawi yosinthira imadaliranso mtundu wa paipi. Zachikasu za labala zambiri sizipitirira milungu inayi, zina zimafuna kusintha msanga kuposa apo, pamene za silikoni, zooneka mbee ngati galasi, zimatha kufika milungu 12 ndipo m'kati mwake ndi motakasuka. Funsani kuti yanu ndi iti, ndiponso ngati ya silikoni ingapezeke.

Chachiwiri chimene bambowa anayenera kusintha ndi kamwedwe. Ankamwa kapu ya tiyi m'mawa ndi madzi pang'ono pa nsima, poganiza kuti akamwa ochepa thumba silidzaza msanga pagulu. Ambiri amaganiza choncho, ndipo n'kumene kumayambira mavuto. Munthu wa paipi amafunika malita awiri pa tsiku, kutanthauza mabotolo anayi a theka la lita, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala awonjezere botolo limodzi kapena awiri. Musamwe onse nthawi imodzi. Dzazani mabotolowo m'mawa, muziwamwa pang'onopang'ono mpaka pogona, ndipo kapu imodzi ikhale pafupi usiku. Mboni yake ndi thumba lomwelo: mkodzo uzioneka wotuwira ngati udzu wouma, osati ngati tiyi. Kufinyira ndimu m'madzi akumwa kumathandiza, chifukwa ndimu ili ndi mchere wina umene umachedwetsa kuuma kwa timchenga tija. Shuga musathiremo, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga. Madzi akhale owiritsa kapena othira kolorini. Koma amene muli ndi matenda a mtima kapena a impso, amene miyendo imatupa ndipo adokotala anakuikirani malire a madzi, tsatirani malire amenewo, osati mabotolo athuwa.

Kwa abale athu Asilamu, mwezi wa Ramadani umafuna kukonzekera. Kukhala usana wonse osamwa madzi kuno kotentha kumatsekeketsa paipi. Chipembedzo chimapereka chilolezo kwa odwala, choncho kambiranani ndi ashehe komanso adokotala mwezi usanayambe. Mukasankha kusala, malita awiri aja amwedwe pakati pa nthawi yomasula ndi chakudya cha m'bandakucha, ndipo mkodzo ukada kwambiri kapena kusiya kutsika, masulani.

Chachitatu ndi chimbudzi. Matumbo odzaza ndi chimbudzi chouma amapsinja njira ya mkodzo ndi chikhodzodzo, ndipo paipi imaleka kuyenda ngakhale mulibe mchenga. Masiku atatu akatha musanapite kuchimbudzi, chimenecho chikhale choyamba kuchiganizira. Nsima ya mgaiwa, masamba, therere, papaya, mango ndi madzi okwanira zimafewetsa m'mimba. Zikakanika, kuchipatala kuli mankhwala ake.

Paipi ikapitiriza kutsekeka pakangotha masiku ochepa, zonsezi mukuchita, pemphani kuti akuunikeni. Nthawi zambiri m'chikhodzodzo mumakhala mutapangika mwala umene ukusunga tizilombo, ndipo paipi yatsopano iliyonse imatengera pomwepo. Mwalawo suchoka ndi mapiritsi. Chipatala chachikulu cha Mangochi chingakuoneni, ndipo pakafunika chimatumiza ku Zomba kapena ku Gulupu ku Blantyre.

Mkodzo ukamadontha m'mbali mwa paipi

Kunyowa kwa zovala kuli ndi magwero awiri. Ngati m'thumba simukulowa kanthu, paipi yatsekeka ndipo mkodzo ukufuna njira ina. Bwererani ku zimene tanena pamwambapa. Ngati thumba likudzaza bwino koma nthawi zina mumamva kupotokola pachinena kenako mkodzo n'kutuluka m'mbali, chikhodzodzo chikudzifinya polimbana ndi kabaluni. Kudzimbidwa, paipi yokokeka, tiyi wambiri wamphamvu, khofi ndi mowa zimawonjezera kudzifinyako. Ambiri amapempha paipi yaikulu kuti itseke mpata, koma yaikulu imanyanyula chikhodzodzo ndipo kudontha kumakula. Pali mapiritsi ochepetsa kudzifinyaku amene adokotala angalembe.

Fungo si matenda, koma izi ndi matenda

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mkodzo ukanunkha kapena kuchita mbuu, anthu amathamangira kukagula makapisozi ku golosale. Tanena kale kuti pafupifupi aliyense wa paipi ali ndi tizilombo mu mkodzo. Ngati mukudya bwino, thupi silikutentha ndipo palibe pamene pakupweteka, tizilomboto tangokhala, ndipo mankhwala satichotsa chifukwa timabisala m'ndere zija za pa paipi. Chimene makapisozi amachita ndi kupha tofooka n'kusiya tolimba. Tsiku limene mudzadwaladi, amokisilini kapena sipulo amene munazolowera kugula adzapezeka kuti sakugwiranso. Fungo ndi kuda kwa mkodzo paokha, yankho lake ndi madzi ndi kuona ngati tsiku losintha paipi kapena thumba lakwana. Ngakhale thumba litasanduka lofiirira mobiriwira ngati maluwa a jakaranda, zimene zimachitika makamaka mwa okalamba odzimbidwa, si ufiti ndipo si ngozi ya usiku womwewo. Kasinthitseni paipi ndi thumba, muthane ndi kudzimbidwako. Amene mumamwa bakitirimu tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, ameneyo ndi wa ntchito ina, pitirizani monga anakuuzirani.

Matenda enieni amadziwika ndi thupi, osati ndi thumba. Kutentha thupi, makamaka kufika madigiri 38. Kuzizidwa ndi kunjenjemera mpaka mano kugundana. Kupweteka m'mbali mwa msana, m'munsi mwa nthiti, kumene kuli impso. Ululu watsopano pachinena. Kusanza. Kutupa ndi kupweteka kwa machende, kapena mafinya otuluka pamene paipi yalowera. Mwa agogo chizindikiro chimakhala china: munthu amene dzulo amacheza bwino lero akubwebweta, akungogona, akukana chakudya, mwina thupi osatentha n'komwe. Musanene kuti ndi ukalamba. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, pitani tsiku lomwelo. Akamapuma mofulumira, manja ndi mapazi atazizira, kapena osadzuka bwino mukamuitana, tizilombo talowa m'magazi ndipo ola lililonse ndi lofunika.

Kuno kunyanja kutentha thupi kulikonse timati malungo, ndipo nthawi zina ndi malungodi. Yezetsani. Koma musamwe LA wotsala m'nyumba n'kudikira masiku atatu, ndipo pofika kwa adokotala nenani msanga kuti muli ndi paipi, chifukwa ili m'kati mwa zovala ndipo pamzere wautali saiona. Ngakhale malungo atapezeka, matenda awiriwa amatha kubwera pamodzi. Ngati akukayikira matenda a mkodzo ndipo paipi yakhalitsa, kawirikawiri amaisintha, n'kutenga mkodzo wokayeza kuchokera pa paipi yatsopano. Mkodzo wa m'thumba sayeza, choncho musavutike kubwera nawo m'botolo. Mankhwala amakhala a masiku 7, nthawi zina mpaka 14, ndipo amalizidwe onse. Pakatha masiku awiri osasintha, bwererani.

Kutseka makomo olowera tizilombo

Tizilombo timalowa pa makomo atatu: pamene paipi yalowera m'thupi, pamene paipi yalumikizana ndi thumba, ndi pa kampopi kokhuthulira. Ukhondo wonse wa paipi ndi kulondera makomo amenewa.

Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati a m'beseni losambira anthu onse, musanagwire paipi ndiponso mukatha. Magolovesi akasowa si vuto, sopo ndiye wosasowa. Kamodzi pa tsiku, komanso mukachoka kuchimbudzi, tsukani malo olowera paipi ndi sopo wamba ndi madzi oyera, kenako paipiyo, kuyambira pathupi kupita kunja kutalika kwa chikhatho, dzanja lina litagwira paipi kuti isakokeke. Amayi atsuke ndi kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Abambo osadulidwa abweze khungu la kunsonga, atsuke, ndipo akatha alibwezeretse m'malo mwake. Likaiwalika kumbuyo limamanga nsonga ngati mphete, imatupa, ndipo imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala tsiku lomwelo. Musapake vaselini kapena mafuta ophikira chifukwa amawononga labala, ndipo paudala, sipiriti, mankhwala ochapira ndi zitsamba zisafike pamenepo. Kusamba thupi lonse ndi kololedwa, ndi madzi a m'ndowa, thumba litakhuthulidwa ndipo lili cholumikiza. Kulowa m'nyanja kapena mu Shire ndi paipi ayi.

Mangirirani paipi pa ntchafu ndi pulasitala kapena kansalu kofewa koyera, mosiya kutakasuka kuti mukatambasula mwendo isakokeke, ndipo muzisinthasintha ntchafu. Paipi yolendewera ndi kulemera kwa thumba imang'amba pang'onopang'ono khomo la njira ya mkodzo, makamaka mwa abambo.

Khuthulani thumba lisanadzaze, likafika magawo awiri mwa atatu. Thumba lalikulu limalowa malita awiri, la pamwendo pafupifupi theka la lita, choncho laling'onoli limafuna kukhuthula kangapo pa tsiku. Khuthulirani m'chigubu chake chokha, kampopi kasakhudze chigubucho kapena pansi, mukapukute ndi kansalu koyera, mukatseke. Mkodzo utayidwe m'chimbudzi, chigubu chitsukidwe ndi sopo.

Polumikizira paipi ndi thumba pasatsegulidwe wamba. Thumba limasinthidwa pakatha masiku 5 mpaka 7, kapena msanga likabooka kapena kuda kwambiri, ndipo posintha nsonga ya thumba latsopano isakhudzidwe ndi zala. Tikudziwa kuti matumba sapezeka nthawi zonse. Pemphani apadera tsiku losinthitsa paipi. Likasowa latsopano, kuli bwino kusiya lakalelo cholumikiza masiku ena owerengeka, mukulikhuthula mwaukhondo, kusiyana ndi kumalichotsa tsiku ndi tsiku kukalitsuka kumjigo paipi ili yasa, kapena kutseka paipi ndi kamtengo kapena chivindikiro cha bolopeni.

Magazi m'thumba

Timagazi tochepa pambuyo posinthitsa paipi kapena itakokeka timatha tokha pa tsiku limodzi kapena awiri mukamamwa madzi. Amene ali pa mankhwala a TB asadabwe mkodzo ukafiira ngati lalanje, ndi mankhwalawo. Koma mkodzo wofiira ngati magazi enieni, kapena wokhala ndi zibuluma, umafuna chipatala mwamsanga chifukwa zibulumazo zimatseka paipi. Ndipo magazi obwerabwera popanda chifukwa musawazolowere ponena kuti ndi likodzo la tonsefe a kunyanja. Likodzo liyezedwe ndipo lili ndi mankhwala ake, koma likakhalitsa m'thupi zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, choncho munthu wamkulu wotuluka magazi aunikidwe.

Paipi ikatuluka yokha

Zimachitika kabaluni kakaphwa. Musaibwezeremo, ngakhale mutaitsuka. Ikani m'pepala la pulasitiki mupite nayo kuti aone ngati kabaluni katuluka kathunthu. Ngati mukutha kukodza nokha ndipo pachinena sipakupweteka, mutha kudikira kuti kuche. Ngati simukukodza, musapitirire maola ochepa. Amene paipi yanu inalowera pamimba, m'munsi mwa mchombo, musadikire konse, chifukwa kabooko kamayamba kutsekeka nthawi yochepa. Phimbani ndi kansalu koyera munyamuke. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsiratu, lero muli bwino, ngati chipatala chaching'ono cha kwanu chimasintha mapaipi ndiponso ngati chili ndi saizi yanu. Ngati n'kotheka sungani paipi imodzi yosatsegula ndi thumba limodzi, pamalo ouma osafika dzuwa, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, kuti ponyamuka usiku muzingotenga kachikwama kamodzi. Ndipo ulendo uliwonse wosinthitsa, funsani adokotala ngati paipiyo ikufunikabe. Ena, makamaka abambo a pulositeti amene ayamba mankhwala, amatha kuyesedwa kukodza popanda paipi, ndipo ena amaphunzitsidwa kulowetsa kapaipi kakang'ono okha nthawi yokodza n'kukachotsa.